Agogo amasinja, koma liti?

Zaka zingapo zapitazo ndinalemba ndakatulo yokumbukira agogo anga aakazi, amene anandilera kumudzi kwathu kufupi ndi Lunzu. Tsiku loti ndikailakatule pamsonkhano wina wa alembi ndinadzuka ndi chimfine chotseka mawu, ndiye pepalalo ndinampatsa mnzanga kuti andiwerengere. Anawerenga bwino ndithu, ndipo anthu anaomba m'manja. Tikutuluka, mayi wina anandigwira pamkono nati, "Achimwene, mukapita kumudzi mukawapatse moni agogowo. Komatu muziwagulira ufa, pamsinkhu umenewo asamasinjenso." Ndinangoti zikomo mayi, ndamva. Agogowo n'kuti atagona m'manda zaka zoposa khumi.

Mayi aja anamva bwinobwino zimene zinawerengedwa, ndipo mnzangayo anawerenga zimene zinali papepala. Wolakwa ndinali ine. Mzere woyamba unali wakuti "Agogo amasinja usiku." M'mutu mwanga mneniyo ndinkamumva ngati wa kale, wonena zimene agogo ankachita chaka cha njala. Mnzanga anamuwerenga ngati wa masiku onse, wonena zimene agogo amachita mpaka lero. Zilembo zake ndi zomwezo, palibe chosiyana ngakhale chimodzi.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikutsutsana ndi magulu awiri a anthu. Gulu loyamba ndi la aphunzitsi ndi akonzi amene amati ndakatulo ikayamba ndi nthawi yakale ithere momwemo, kusintha n'kusokoneza owerenga. Gulu lachiwiri ndi la alakatuli anzanga amene amati chikumbukiro sichidziwa kalendala, ndiye aneni angosakanizika mmene afunira, womva adzimvera yekha. Ine ndikuti ndakatulo yokumbukira iyenera kuyenda pakati pa kale ndi tsopano, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Chimene chimasocheretsa owerenga si kuchoka pa "ankasinja" kupita pa "akusinja" ayi. Amasochera pamene sakudziwa komwe woyankhula waima, ndipo m'Chichewa cholembedwa muli malo angapo odziwika pomwe zimenezi zimachitikira.

Tiyambe ndi -ma- amene anandichititsa manyazi. Polankhula, "amasinja" wa masiku onse ndi "amasinja" wa kale samveka chimodzimodzi. Wa masiku onse amayamba mokweza pa phatikizo loyamba lija, a-. Wa kale amayamba motsitsa, mawu n'kudzakwera atadutsa -ma-. Mwana aliyense woyamwira Chichewa amasiyanitsa zimenezi osaphunzitsidwa. Koma malamulo a kalembedwe kathu, kuyambira amene bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973, salemba kukwera ndi kutsika kwa mawu. Papepala aneni awiriwa amavala malaya amodzi. M'nkhani yaitali izi sizivuta kwenikweni, poti ziganizo zoyandikana zimakuuza kuti tili chaka chiti. Ndakatulo ilibe malo ochuluka chotero. Mzere woyamba ulibe mnzake kumbuyo woti auchitire umboni, ndiye wowerenga amasankha yekha, ndipo kawirikawiri amasankha za masiku onse.

Mankhwala ake ndi apafupi moti ena amawanyoza: polemba za kale, lembani -nka-. "Agogo ankasinja usiku" sangawerengedwe mwanjira ina iliyonse. Ndikudziwa kuti kwa ena -nka- amamveka ngati Chichewa cha m'buku, ndipo pocheza ambiri timangoti "timapita", "amatiuza". Komabe mlakatuli amene akulemba kuti ena akawerenge ali okha, pafoni kapena m'nyuzipepala, alibe pakamwa poti pamuthandize. Akangokhoma -nka- m'modzi kapena awiri poyambirira pa ndime, -ma- wotsatira amatha kulowa popanda ngozi, chifukwa wowerenga wadziwa kale kuti tili kumbuyo.

Vuto lalikulu linali lina, ndipo ndinachedwa kuliona. Ndime yoyamba ya ndakatulo ija inali motere:

Agogo amasinja usiku,
mtondo pa chiguduli kuti anansi asamve.
Ndikumva chigayo chikulira kuseri kwa msika,
ndikugwira lichero, manja akunjenjemera,
madeya akutha, Febuluwale sakutha.
Ndikulipira, n'kubwerera kunyumba.

Werengani mizere inayi yomalizayo, ndipo pa mzere uliwonse mudzifunse kuti munthu amene akuti "ndiku-" ali kuti. Womva chigayo ndi bambo wamkulu, ali ku Kawale mu Lilongwe, lero. Wogwira lichero ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ali ku Lunzu, kumayambiriro kwa 2002, pamene njala inavuta dziko lonse chimanga chikadali chosakhwima m'minda. Wolipira ndi bambo uja kachiwiri. Onsewa ndinawapatsa -ku- mmodzi. Ine ndinkaona anthu awiri chifukwa ndinakhalapo onse awiri. Wowerenga ankaona munthu mmodzi waima pachigayo ndi lichero m'manja, akunjenjemera popanda chifukwa, kenako n'kulipira.

Apa ndiye pagona nkhani. Ndakatulo yokumbukira ili ndi "tsopano" awiri. Pali tsopano wa munthu amene akukumbukira, ndipo pali tsopano wa mkati mwa chikumbukirocho, pamene zakale zayandikira kwambiri moti ukuziona zikuchitika. Onse awiri amagwiritsa ntchito aneni amodzimodzi: ndiku-, ndili, nda-. Nthawi yakale payokha sisocheretsa munthu. Aliyense akamva "ankasinja" amadziwa kuti tabwerera. Chosocheretsa n'kulumpha kuchoka pa tsopano wina kugwera pa tsopano winayo popanda kuponda pakati. Nthawi yakale ndi mwala wopondapo powoloka mtsinjewo, ndipo alakatuli ambiri amene amati akusewera ndi nthawi amakhala atangouchotsa mwalawo.

Nditailembanso, ndakatuloyo inayamba chonchi:

Chigayo chikulira kuseri kwa msika wa ku Kawale.
Ndaima pamzere, thumba lili m'manja,
fumbi la ufa likundikhala pansidze.

Fumbi lomweli linkawakhala agogo pansidze
chaka cha njala, ndili mwana.
Ankasinja madeya usiku,
mtondo pa chiguduli kuti anansi asamve.

Ndime yoyamba ili ndi ntchito imodzi yokha, kuimika munthu pamalo. Ndinatchula Kawale osati chifukwa dzinalo ndi lokoma, koma kuti wowerenga akhale ndi malo oti adzabwererepo. Mizere itatu ikukwana. Ukatalikitsa, wowerenga amayamba kuganiza kuti ndakatulo ndi ya chigayo. Ukafupikitsa kufika mzere umodzi, amaiwala kuti tinayambira kuti.

Powolokera m'ndime yachiwiri, onani kuti chinthu choyamba kuwoloka si mneni. Ndi fumbi. Fumbi la ufa lilipo lero pachigayo, linaliponso usiku uja pamtondo, ndiye wowerenga amaligwira ndi dzanja limodzi kwinaku mneni akusintha kuchoka pa "likundikhala" kukhala "linkawakhala". Ndinasiya dala tsinde la mneni lomwelo ndi mawu omwewo akuti "pansidze", kuti chosintha chikhale nthawi ndi munthu basi. Ukasintha zonse nthawi imodzi, malo, munthu, chinthu ndi nthawi, wowerenga amayesa kuti wayamba ndakatulo ina. Umu ndi mmenenso kukumbukira kumachitikira m'moyo: sumaganiza kuti lero ndikumbukire agogo, koma kafungo, kanyimbo kapena kafumbi kamakugwira, ukadzazindikira uli kale kumudzi. Mlakatuli amene waika chinthu chotere pakhomo sakunamiza aliyense, akungotsata njira imene maganizo ake anadzera.

Tsono pali mawu awiri amene ndimawaona ngati mphatso ya chinenero chathu kwa alakatuli: "ndili mwana". Taonani mmene alili. "Ndili" ndi mneni wa tsopano, ndili pano, ndili bwino. Koma tikati "zinachitika ndili mwana", aliyense amamva kuti tikunena za kale. Mawu omwewo akhoza kuyang'ana kumbuyo kapena kuima pomwe pano, malinga ndi chimene atsamira. M'ndime yachiwiri atsamira "linkawakhala", ndiye ndi akale. M'ndime yachitatu ndinawachotsera chotsamira:

Ndili mwana.
Nyali yazima, mwezi kulibe,
agogo akusinja, ine ndagwira lichero.
Fumbi likundikanda kukhosi.
Akunong'ona, "Usatsokomole, mwanawe."

Mawu aja abwerezedwa, koma tsopano aima okha ndi mpumiro wawo, ndipo asanduka "ine ndine mwana, pano". Wowerenga wawamva kale kamodzi ali akale, ndiye akawamvanso amalowa nawo m'chikumbukiro osapunthwa. Kuyambira pamenepo ndili ndi ufulu wonena "akusinja", "ndagwira", "likundikanda", ndipo palibe amene angaganize kuti agogo ali ku Kawale. Tawoloka kawiri, kuchoka lero kupita kale, kuchoka kale kulowa mkati mwa kale, ndipo powoloka paliponse panali chinthu chimodzi chosasuntha: koyamba fumbi, kachiwiri "ndili mwana".

Mneni wa "aku-" alinso ndi nkhope ziwiri zomwezi, ndipo iye amaluma ukamusewera mosasamala. Tikati "ndinawapeza akusinja", kusinjako ndi kwa kale, ngakhale pali -ku-. Koma m'ndakatulo timadula mizere. Ukalemba "ndinawapeza" kumapeto kwa mzere, "akusinja" n'kuyamba mzere wotsatira, diso limayamba lamuwerenga ngati wa tsopano. Ngati ukufuna kuti pomwepo chikumbukiro chiyandikire, kadulidwe kameneka ndi khomo labwino kwambiri. Ngati sunafune, wangotsegula khomo mwangozi, ndipo wowerenga walowa m'chipinda chimene iwe mulibemo. Chimodzimodzi "n'ku-" wa mu "n'kubwerera kunyumba": alibe nthawi yakeyake, amabwereka ya mneni amene wamutsogolera. M'ndime yanga yoyamba ija anabwereka kwa "ndikulipira", amenenso sankadziwika kuti ndi wa ndani.

Kupita n'kosavuta poyerekeza ndi kubwerera. Ndakatulo zambiri zokumbukira zimene ndawerenga kapena kumva pawailesi zimalowa bwino m'zakale, koma zikafuna kutuluka zimangoti "lero" kapena "tsopano", n'kupitiriza. Mawu akuti "lero" ndi ofooka pamalo amenewa, chifukwa mwana uja wogwira lichero alinso ndi lero lake. Akati "lero tadya kamodzi", ndi lero la 2002. Pobwerera pamafunika chinthu chimene sichingachitike m'chikumbukiromo, chibwere kuchokera kunja chidzadule. Ine ndinachita motere:

Magetsi azima, chigayo chaleka.
Mnyamata wa pasikelo akundikodola,
"Bambo, mudikira kapena mubwera mawa?"

Pali zinthu ziwiri zimene zikugwira ntchito apa. Choyamba ndi mneni wa mtundu wa "azima", "chaleka". Mneni ameneyu amanena chinthu chimene changochitika ndipo zotsatira zake zikadalipo. Tikati mvula yagwa, pansi mpamanyowa; tikati inagwa, mwina pauma kale. N'chifukwa chake amakhoza kudzidzimutsa: wowerenga amamva kuti china chake chachitika pompano. Ndipo popeza kunyumba ya agogo kunalibe magetsi, kunali nyali, mawu oyambawo akumuuza kale kuti tatuluka. Chachiwiri ndi chimene ndimachikonda kuposa zonse. M'ndime yapitayo munthu uyu amatchedwa "mwanawe", ndipo amalamulidwa ndi "usa-". Mzere uno akutchedwa "bambo", akufunsidwa ndi "mu-". Zaka zoposa makumi awiri zadutsa pakati pa maitanidwe awiriwa popanda kutchula chaka chilichonse. Ulemu wa m'chinenero chathu ndi wotchi yodalirika kuposa aneni, chifukwa sulira kukweza kapena kutsitsa mawu kuti umveke. Amene akuitanidwa kuti iwe ndi amene akuitanidwa kuti inu sangakhale pamsinkhu umodzi.

Pali kanthu kena kakang'ono kothandiza, kamene sindikhalitsapo: kuloza. "Usiku uno" ndi "usiku uja" ndi mausiku awiri. Kakuti -ja kamaloza chinthu chimene tonse tikuchidziwa koma palibe pano, ndiye kamanyamula chikumbukiro pakokha. Chenjezo lake ndi lakuti ukalowa mkati mwa chikumbukiro, -ja asiyidwe pakhomo. Mwana amene wagwira lichero sanganene kuti "mtondo uja", poti mtondowo uli pamaso pake. Ndikaona "ndili mwana, ndagwira lichero lija", ndimadziwa kuti mlembi mwendo wina uli ku Lunzu, wina uli ku Kawale.

Tsono ndiyankhe aphunzitsi aja. Amati ukasunga nthawi imodzi sulakwa. N'zoona, sulakwa. Koma yesani kuilemba ndime yachitatu ija yonse m'nthawi yakale: nyali inazima, agogo ankasinja, ine ndinagwira lichero, ananong'ona kuti ndisatsokomole. Zonse n'zomveka, ndipo mantha achoka. Chifuwa chimene mwana akuchimeza chasanduka nkhani imene munthu wamkulu akufotokoza atakhala pampando, akudziwa kuti anapulumuka. Mu "likundikanda kukhosi" mwanayo sakudziwa ngati atsokomole kapena ayi, ndipo wowerenga nayenso amagwira mpweya. Ngakhale okamba nthano kumudzi amadziwa izi. Amayamba ndi "padangokhala", ife n'kuti "tili tonse", koma fisi akayandikira mumamva "akubwera, akubwera, uyo wafika pakhomo!" Palibe mwana amene amasochera pamenepo, chifukwa "padangokhala" waika kale maziko, ndipo wokambayo akuoneka ndi maso kuti wakhala pamphasa. Lamulo la nthawi imodzi ndi labwino pa chimangirizo cha mayeso. Kulitengera ku ndakatulo kuli ngati kuletsa mwana kuthamanga poopa kuti angagwe.

Alakatuli anzanga ali ndi mfundo yolimba kuposa ya aphunzitsi, ndipo sindiikana yonse. Amati ndakatulo ya Chichewa ndi ya khutu. Imalakatulidwa pamaliro, paukwati, pawailesi, ndipo pakamwa pa mwini wake -ma- sasokoneza aliyense. Mawu amatsika akalowa m'zakale, nkhope imasintha, dzanja limaloza kumbuyo. Zonsezi n'zoona malinga ngati mwini wake alipo ndipo alibe chimfine. Koma ndakatulo masiku ano zimayenda zokha. Zimatumizidwa pafoni, zimasindikizidwa m'mabuku a kusukulu, zimawerengedwa ndi mwana wa Mmalawi ku Johannesburg amene Chichewa amachimva kunyumba kokha, ndiponso ndi mnzathu wa ku Chipata amene Chinyanja chake chimasiyana pang'ono ndi cha ku Lunzu. Ndakatulo imene imamveka pokhapokha mlembi ataima pambali pake sinamalizidwe kulembedwa.

Amatinso kusokonezeka ndi mbali ya chisoni: wofedwa sadziwa ngati mayi ake "ali" kapena "anali", ndiye ndakatulo ionetse chomwecho. Apa ndikugwirizana nawo pa cholinga, koma tikusiyana pa njira. Kuti wowerenga amve kuti woyankhula wasokonezeka, iye mwini ayenera kukhala wosasokonezeka. Mayi aja amene anandituma moni sanamve chisoni changa chosakaniza nthawi. Anangomva kuti kuli gogo wina ku Lunzu amene adzukulu ake samugulira ufa. Munthu ayenera kudziwa kaye kuti agogo anamwalira, kenako akamva mdzukulu akuwatchula ngati alipo, m'pamene zimamulasa.

Njira imodzi imene ambiri amaidalira ine sindiikhulupirira kwenikweni, ndiyo kusiyanitsa nthawi ndi -na- ndi -da-. Ena amaphunzitsa kuti -na- ndi wa kale lapafupi, -da- wa kale lakutali, ndiye m'ndakatulo ya mibadwo iwiri mwana apatsidwe -na-, agogo apatsidwe -da-. Papepala la galamala zimaoneka zaudongo. Koma owerenga samva mofanana. Kumadera ambiri a m'chigawo chapakati -da- ndi wa tsiku ndi tsiku, pamene kum'mwera ndi m'matauni anthu ochuluka amangoti -na- pa zonse, za chaka chatha ndi za makolo. Ndinakumana nazo pamene ndinafuna kuikamo njala ya 1949, imene inapweteka kwambiri madera ozungulira Blantyre ndipo agogo anaiona ali mtsikana. Usiku uja wa 2002 ankaitchula kawirikawiri. Ndinayesa ndime yonse ya -da-, "anthu adadya mizu, amuna adathawa", ndipo amene ndinawapatsa kuti awerenge anayesa kuti ndikunenabe za 2002. Kusintha chilembo chimodzi sikunawauze kuti tatsika ndi zaka makumi asanu ndi zitatu. Komanso agogo anga, munthu wa ku Lunzu, sankalankhula ndi -da-, ndiye ndinali kuwaveka pakamwa pa eni.

Ndinachotsa ndime yonseyo n'kusiya mzere umodzi m'kamwa mwawo, mkati mwa zizindikiro za mawu olankhulidwa: "Iyi si njala, mwanawe, njala tinaiona ife." Nthawi yachitatu ikalowa kudzera pakamwa pa munthu amene ali kale m'ndakatulo, sifunika khomo lake, wowerenga amadziwa kuti "tinaiona" ndi kale la agogo, osati la mdzukulu. Kwa ine malire ali pomwepa. Ndakatulo ya mizere makumi awiri kapena atatu imanyamula malo awiri oimapo ndi kuwoloka katatu, kapena kanayi ukaumirira. Kupitirira apo wowerenga amatha mphamvu zake zonse pofufuza komwe ali, osatsala ndi zomverera.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti ndakatulo yake yasocheretsa? Mwini wake sangadziwe poiwerenga yekha, chifukwa khutu lake limaikamo kukwera ndi kutsika kumene papepala palibe. Ine ndimachita ziwiri. Ndimatenga cholembera n'kulemba pambali pa mzere uliwonse malo amene thupi la woyankhula lili: Kawale, Kawale, Kawale, Lunzu. Paliponse pamene dzina lasintha ndimafunsa kuti chimene chawolotsa wowerenga n'chiyani, ndipo ndikapeza kuti yankho ndi "akudziwa kale", ndimadziwa kuti wodziwayo ndi ine ndekha. Kenako ndimapatsa pepalalo munthu amene sadziwa mbiri yanga, awerenge mokweza osayamba waliona. Sindimufunsa ngati yamukomera, poti Amalawi ndife aulemu, adzati yakoma. Ndimamvetsera pomwe wakweza -ma- amene ine ndinamutsitsa, ndi pomwe waima n'kubwerera kumayambiriro kwa mzere. Pomwe wabwerera m'pomwe pali dzenje.

Mzere uja umene unandichititsa manyazi sindinautaye. Ndinauchotsa pamwamba n'kuuika pansi penipeni. Mnyamata wa pasikelo atafunsa funso lake, ndakatulo imatha motere:

Ndidikira.
Mtondo uja unang'ambika chaka chimene tinawaika,
koma kukada, mzinda ukakhala chete,
agogo amasinja usiku.

Pofika apa wowerenga wamva "ankasinja", wamva "akusinja", ndipo mzere wachiwiriwo wamuuza mosabisa kuti agogo tinawaika. Palibenso amene anganditume moni. Tsopano -ma- uja akhoza kuyang'ana mbali zonse ziwiri, ndipo mbali iliyonse ndi yoona. Mnzanga amene anaiwerenga tsiku lija anaiwerenganso pamsonkhano wina, ndipo atafika pamzere womaliza anatsitsa mawu pa a-, kuwabwezera agogo ku 2002. Ine ndikamailakatula ndimakweza.